Mapilisi khumi a Limbani: mathero a nkhaniyi akundivuta

Nabanda: Moni nonse. Ndalemba kankhani kakafupi koma mathero ake sakundikhutiritsa, ndipo sindikudziwa chomwe chalakwika. Werengani mundiuze mosandinyengerera, makamaka inu a zachipatala.

*Mayeso a masamu anali Lachinayi, 8 koloko m'mawa. Pofika Lolemba madzulo, Limbani anali atawerenga mitu iwiri yokha mwa mitu 9, ndipo anali kale ndi sapu ina ya chaka chatha yomwe sanawauze amayi ake. Anadziwa kuti akalepheranso awididwa, ndipo kumudzi anali atagulitsa mtedza wonse kuti iye apeze pogona.*

*Mnzake wina wa chaka chachitatu, yemwe mkulu wake amakhala ku Joni, anamuitanira kuseri kwa kafe n'kumupatsa kapepala kopindapinda. M'katimo munali timapilisi khumi toyera. "Ndi Ritalini ameneyu," anatero mnzakeyo. "Kamodzi kokha mutu umatseguka." Limbani anapereka ndalama ya ndiwo ya sabata yonse.*

*Koyamba anamwa 8 koloko usiku. Patapita theka la ola, phokoso la m'hositelo linangokhala ngati lasamukira kutsidya la mtsinje. Manambala amene ankamuzunza anayamba kukoma. Anawerenga osadzutsa mutu mpaka pakati pa usiku, ndipo atamva kuti thupi layamba kulemera anamwa kachiwiri. Anagona 4 koloko, n'kudzuka 7 koloko akumwetulira.*

*Lachiwiri anamwa titatu. Nsima ya masana anangoitsina kawiri n'kuisiya, m'kamwa muli gwa. Madzulo anaona kuti manotsi ake ndi osalongosoka, ndiye anagula kope latsopano ndi zolembera zitatu, chofiira, chakuda ndi chobiriwira, n'kuyamba kukopera mutu woyamba, akulemba mizere ndi rula. Mesho wake atadzuka 3 koloko kupita kukataya madzi anamupeza akadali pa mutu womwewo. "Aise, sunagonebe?" Limbani sanatembenuke n'komwe. Usiku umenewo anagona ola limodzi.*

*Lachitatu anamwa tinayi, n'kumatsirira khofi wakuda. Nsagwada zinkamuwawa chifukwa chokukuta mano osadziwa. Manja anali ozizira koma kukhwapa kuli thukuta. Mtima unkagunda mpaka ankaumva m'makutu. Anyamata ena akuseka pakhonde, iye anatsimikiza kuti akuseka iyeyo, ndipo anatseka zenera. Chakumapeto kwa tsamba ankaona tinthu ngati nyerere, koma akatiyang'anitsitsa tinkasowa.*

*Kotsiriza anamwa 2 koloko usiku wa kucha Lachinayi.*

*M'chipinda cha mayeso, atangotsegula pepala, magazi anayamba kutuluka m'mphuno. Anaimirira, dziko linazungulira, ndipo anagwa pansi khu! Anatsitsimuka patapita masiku awiri ali m'chipatala, amayi ake akulira pambali pa bedi. Dokotala anamugwira paphewa nati, "Mwana wanga, nzeru sagula."*

Ndi pomwepo. Ndime yomalizayo ndiyo ikundinyansa.

Mayi a Chisomo: Kalanga ine! Mwanayo ali bwanji tsopano? Mutipatse moni kwa amayi ake, tikuwakumbukira m'mapemphero.

Nabanda: Amayi, ndi nkhani yopeka, Limbani kulibe. Koma zikomo, ndiye kuti ndalemba zomveka.

Mayi a Chisomo: Ah, mwandiopseza pachabe. Ine ndinayamba kale kuganiza za wanga ali chaka choyamba uja.

Gama wa ku Kasungu: Achemwali, ine ndikuona kuti mathero ali bwino. Walira mvula walira matope. Achinyamata akawerenga aziopa. Mukachotsa kugwako ndiye phunziro likhala pati?

Phiri wa ku famase: A Nabanda, kuyambira Lolemba mpaka 2 koloko ya Lachinayi mwalemba ngati munali m'chipindamo. M'kamwa mouma, chakudya kusalowa, kukukuta mano, manja ozizira, zonsezo ndi zoona. Za kukopera manotsi ndi zolembera zitatu zija ndiye musazikhudze n'komwe. Chomwe chikukunyansani pa ndime yomaliza n'chakuti si ya mankhwala amenewa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Timapilisi tating'ono toyera ta Ritalini timene mukunena nthawi zambiri timakhala ta mamiligalamu 10, ndipo ndi ta mtundu wofulumira. Timayamba kugwira pakapita mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola atatu kapena anayi. N'chifukwa chake mwalondola kuti amene anamwa 8 koloko anafuna kena pakati pa usiku. Tsono kotsiriza mwamumwetsa 2 koloko. Pofika 6 koloko katha ntchito. Mayeso ndi 8 koloko. Ndiye kuti Limbani akulowa m'chipinda cha mayeso mankhwala atamusiya kale, ali yekha ndi ngongole yake ya tulo. Gonani kwake mwalemba nokha: maola atatu, ola limodzi, kenako osagona. Maola anayi pa mausiku atatu.

Chinanso, tinayi ta Lachitatu tija ndi mamiligalamu 40. Madokotala kawirikawiri sapyola 60 pa tsiku kwa amene akuwalembera. Sindikunena kuti n'zabwinobwino kwa munthu amene sanapimidwe mtima, watsirira khofi, sanadye ndipo sanagone, ayi. Ndikunena kuti mnyamata wanuyu sanamwe mlingo womugoneka chikomokere masiku awiri. Chimene chamugwetsa ndi tulo ndi njala zimene mapilisi ankabisa. Kukomoka kungachitike, poti sanadye ndipo madzi sankamwa, koma kukomoka kotero munthu amatsitsimuka pasanathe mphindi zingapo. Magazi a m'mphuno ndiye achotseni, amenewo amakonda kuoneka kwa amene amapera mapilisi n'kumakokera m'mphuno.

Nabanda: A Phiri, ndiye kuti m'chipinda cha mayesomo chingamuchitikire n'chiyani?

Phiri wa ku famase: Chinthu chosaoneka, ndipo kwa ine ndicho choopsa kwambiri. Amakhala pampando bwinobwino. Amawerenga funso loyamba, kufika kumapeto waiwala poyambira. Amabwerezanso. Maso ali chitsegulire koma ubongo ukuzima masekondi angapo n'kuyakanso, iye osadziwa kuti anagona. Amakumbukira bwino lomwe tsamba la m'kope muja, kuti mutu anaulemba ndi chofiira ndipo pansi pake pali mzere wobiriwira, koma zimene zinalembedwa pakatipo palibe. Kapena mwina sakafika n'komwe. Ambiri amati ndingotsamira pang'ono 6 koloko, n'kudzuka masana.

Che Jafali: Ine zimenezi ndimazidziwa. Mapilisi amenewa n'chimodzimodzi ndi tiki, mankhwala ozunguza bongo amene akuwononga anyamata ku Kepi. Ukangomwa kamodzi basi, mutu wapita, ulendo wa ku Zomba. Nyerere zimene akuona zija ndi misala yayamba kale. Nkhaniyi ithere ku chipatala cha amisala, ndiye zoona zake.

Nasibeko wa ku Joni: Che Jafali, pepani koma pamenepo ndikutsutsani. Mwana wanga wamwamuna wakhala akumwa mankhwala omwewa zaka zitatu chifukwa cha ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Asanayambe sankatha kukhala pampando mphindi zisanu, aphunzitsi ankangoti ndi wamwano. Pano akuwerenga, akudya, akugona, sanapenge. Amamwa m'mawa, osati usiku, ndipo dokotala amamuyeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Kuno mankhwalawa ali m'gulu la 6, lomwe ndi lotetezedwa kwambiri. Dokotala amalemba a masiku 30 okha ndipo kalata yake sibwerezedwa, mwezi uliwonse timakatenga yatsopano.

Ndiye a Nabanda, ine powerenga ndinaima pa kapepala kopindapinda kaja. Timapilisi khumi sititola pamsewu. Ngati tili tenitenidi, pali mwana kapena wachinyamata wina kuno amene wadumpha masiku angapo kuti wina agulitse. Sindikuti mulembe za iyeyo, koma ine monga kholo ndi zimene ndinaona. Ndipo chonde musalembe moti owerenga aziona mwana ngati wanga ngati chidakwa cha mankhwala.

Phiri wa ku famase: Che Jafali sanaphonye kwathunthu. Tiki ndi Ritalini onse amakweza dopamini, kachinthu kamene kamanyamula mauthenga a chisangalalo ndi changu mu ubongo, choncho ndi apachibale pa kagwiridwe ka ntchito, ndipo onse ali pa ndandanda ya pangano la mayiko la 1971 la mankhwala okhudza ubongo. Koma tiki ndi wamphamvu kwambiri, amakhalitsa m'thupi maola ochuluka, ndipo amasutidwa kotero amafika ku ubongo nthawi yomweyo. Kukayikira anthu ndi kuona tinthu tosaoneka kumachitikadi ndi mapilisiwa, makamaka munthu akapanda kugona, ndipo ngakhale wosamwa kalikonse akatha mausiku awiri kapena atatu osagona amayamba kuona zoterezi. Kwa ambiri zimatha m'masiku ochepa akasiya ndi kugona. Kwa ena, makamaka amene kwawo kuli mbiri ya matenda a maganizo, zimatha kukhalitsa n'kufunika chithandizo. Ndiye "kamodzi basi wapenga" ayi, koma "palibe vuto" ayinso.

Mfundo ya a Nasibeko yakuti "ngati tili tenitenidi" ndi yaikulu. Piritsi lopanda paketi lingakhale chilichonse. Limbani wangokhulupirira mawu a mnzake.

Che Jafali: Chabwino, koma ine amene ndinamuona sanachire. Mwina anali wa gulu lachiwiri mukunenalo.

Tadala Chaka Chachiwiri: Pepani akuluakulu ndilowerere. Ine funso langa ndi lina. Tisiye za kugwazo, kodi mapilisiwo amagwiradi ntchito? Chifukwa m'nkhanimu Lolemba zinamuyendera bwino. Akanangomwa awiri okhawo n'kusiya, bwenzi atakhoza eti? Sikuti ndikufuna, ndikungofunsa.

Gama wa ku Kasungu: Mwaona a Nabanda? Ndi zimene ndimanena. Mwanayu wawerenga nkhani yonse n'kutolapo Lolemba lokha.

Phiri wa ku famase: Musamukalipire, wafunsa zimene ophunzira ambiri amafunsa mumtima. Tadala, chimene mapilisiwa amachita mosakayikitsa n'kuthamangitsa tulo ndi kupangitsa chinthu chotopetsa kuoneka chokoma. Kumva kuti ukumvetsa ndi kumvetsa kwenikweni ndi zinthu ziwiri, ndipo mankhwalawa amakweza choyambacho kwambiri. Mu 2023 kunatuluka kafukufuku amene anachitikira ku Melbourne, pa anthu 40 opanda ADHD. Ankawapatsa Ritalini, amfetamini, modafinili kapena piritsi lopanda mankhwala pa masiku osiyana, kenako n'kuwapatsa funso la masamu losankha katundu woti alowe m'chikwama popanda kupyola kulemera kwake. Atamwa mankhwala ankatha nthawi yaitali ndi kuyesa njira zambiri, koma mayankho sanapose a tsiku lopanda mankhwala, anatsikako pang'ono. Khama linakwera, phindu la khamalo linatsika. Ndi Limbani ndi rula yake ameneyo, usiku wonse pa mutu woyamba pomwe mitu 7 sanaione.

Kwinaku, zimene wawerenga masana zimakhazikika mu ubongo uli m'tulo. Ukachotsa tulo kuti uwonjezere maola owerenga, uli ngati munthu wotunga madzi usiku wonse m'ndowa yobooka. Ndiye pa funso lako: Lolemba anawerengadi, inde. Koma palibe amene amasiyira pa Lolemba, chifukwa Lachiwiri amadzuka atatopa kuposa dzulo, mapilisi 8 ali m'thumba, ndipo njira yachidule yothetsera kutopako akuidziwa.

Tadala Chaka Chachiwiri: Ndamva. Koma kunena zoona pali anzanga amene amamwa zakumwa zopatsa mphamvu zitini zitatu usiku umodzi ndipo amakhoza.

Aphunzitsi Mbewe: Amakhoza chifukwa anawerenga kale mu semesita, mwanangu, osati chifukwa cha chitini. Ndikuuzeni zanga. Nthawi yathu kunalibe mapilisi amenewa. Tikukonzekera mayeso a Fomu 4 tinkaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, n'kumatafuna khofi wa ufa wosasungunula, supuni yathunthu. Ine ndinachita zimenezi mausiku awiri chifukwa cha bayoloje. Tsiku la mayeso ndinalemba dzina langa bwinobwino, ndinayankha mafunso angapo, kenako ndinangomva woyang'anira akundigwedeza kuti kwatsala mphindi khumi. Pepala linali litanyowa ndi dovu. Palibe anandinyamula, palibe dokotala anandigwira paphewa. Ndinatuluka ndekha, anzanga akufunsana mayankho, ine n'kumangoseka nawo ngati zili bwino. Manyazi amenewo ndimawamvabe lero. A Nabanda, ngati mukufuna kuti ziwawe, musamupatse Limbani chipatala. Chipatala chimamupatsa chifukwa chomveka, anthu amamumvera chisoni, mwinanso amulola kulemba mayeso apadera. Msiyeni atuluke ndi miyendo yake.

Nabanda: Aphunzitsi, mwandilasa. Ndiye kuti ndinamugwetsa pofuna kumupulumutsa.

Phiri wa ku famase: Za khofi ndiwonjezerepo pang'ono, poti Tadala watchula zitini. Kafeini amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye wa 10 koloko usiku akadali m'magazi mbandakucha. Munthu wamkulu wathanzi amalangizidwa kusapyola mamiligalamu 400 pa tsiku. Kuphatikiza ndi Ritalini ndiye kumenya mtima mbali ziwiri, ndipo kugunda kwa m'makutu kwa Lachitatu kuja n'kochokera pamenepo.

Koma a Nabanda, chimene ndikanakonda ndi chakuti nkhani isathere Lachinayi. Kugwa kwenikweni kumabwera pambuyo. Munthu amagona maola ambirimbiri, mwina tsiku lonse, amadzuka ndi njala ya nkhandwe, amadya n'kugonanso. Akadzukanso amapeza chilichonse chazizira. Nyimbo sizikoma, foni safuna kuyankha, amapsa mtima ndi zazing'ono, ena amangolira osadziwa chifukwa. Zimatenga masiku angapo. Tsono ikani pamenepo mnyamata amene akudziwa kuti walephera, ndipo kumudzi anagulitsa mtedza. Masiku amenewo ndi pamene ena amaganiza zodzipha, ndipo ndi pamenenso ena amabwerera kuseri kwa kafe kuja, poti mayeso ena akadalipo.

Mayi a Chisomo: Tsono a Phiri, mesho uja akanatani? Ndikufunsa za wanga, amakhala awiri m'chipinda.

Phiri wa ku famase: Ngati mnzakeyo akungogona, akupuma bwino ndipo akamudzutsa akuyankha zomveka, amusiye agone, amuikire madzi ndi chakudya pafupi, ndipo asamupatse mowa kapena mapilisi ogonetsa a munthu wina kuti "atsike". Koma akamadandaula kupweteka pachifuwa, mtima ukamadumphadumpha, thupi likatentha kwambiri, akakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, akamamva mawu a anthu amene palibe, kapena akangotchula zoti bola kufa, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, asamusiye yekha, ndipo akanene chimene wamwa. Ngati patsala piritsi alitenge. Ana ambiri amabisa poopa kuchotsedwa sukulu, ndiye dokotala amangoyamba kufufuza malungo.

Nasibeko wa ku Joni: Mesho ameneyu m'nkhanimu walankhula kamodzi kokha. Anaona zonse 3 koloko usiku n'kubwerera kukagona. Ine ndikanafuna ndidziwe zimene ankaganiza.

Nabanda: Ndakhala nazo usiku wonse. Ndachotsa ndime yomaliza ija, ndaika iyi.

*Kunja kukuyera, mapilisi anamusiya ngati mmene magetsi amazimira. Anasamba madzi ozizira, anavala, anafika pa nthawi yake. Funso loyamba linali la mutu wachinayi. Lachiwiri linali la mutu wachisanu ndi chiwiri. Lachitatu linali la mutu woyamba, ndipo mtima wake unadumpha. Analiona tsamba lija m'maso mwake, mutu wofiira, mzere wobiriwira wowongoka bwino. Anadikira kuti zapakati zibwere. Atadzutsa mutu, wotchi ya pakhoma inali itadya mphindi 40.*

*Anatuluka pamodzi ndi anzake. Wina anamufunsa kuti nambala 3 anapeza zingati, iye anati, "Zomwezo."*

*Anadzuka Lachisanu masana, nsapato zili kuphazi. Patebulo panali mbale yovundikira ndi botolo la madzi. Mesho anali pabedi lake akuyang'ana kudenga. Pafoni panali mauthenga awiri. Wina unali wa amayi ake, wofunsa ngati mayeso anayenda bwino. Wina unali wa mnzake wa chaka chachitatu uja: "Lolemba muli ndi fizikisi eti? Ndatsala nato tisanu."*

*Limbani anavundukula mbale ija n'kuyamba kudya ndi manja osasamba.*

Aphunzitsi Mbewe: "Zomwezo." Eya. Ndi mawu amene ndinanena ine.

Gama wa ku Kasungu: Kulemba mwalemba bwino, sindikana. Koma ine sindinasinthe maganizo. Mwasiya khomo lotsegula. Tadala ndi anzake awerenga n'kunena kuti sanafe, sanapenge, wadya nsima. Bwanji osangoonetsa kuti wafufuta uthenga wa mnzakeyo?

Tadala Chaka Chachiwiri: A Gama, kunena zoona yoyamba ija sinandiopse, ndinangoti ndi za m'mafilimu. Iyi ndiye yandikhumudwitsa, chifukwa ya nambala 3 ija inandichitikirapo popanda piritsi lililonse.

Nasibeko wa ku Joni: Ine mesho akundivutabe. Waika mbale, chabwino, koma akungoyang'ana kudenga? Anene kanthu. Ngakhale kungofunsa kuti "wamwa chiyani iwe?"

Phiri wa ku famase: Pa za mankhwala palibe chimene ndingakonze. Kamodzi kokha: mwati mapilisi anamusiya ngati magetsi kuzima. Kwenikweni amatsika pang'onopang'ono, mwina kwa ola, ngati tochi imene mabatire akutha. Koma zimenezo ndi za inu alembi, ine ndimangowerenga mapilisi.

Nabanda: Tochi ndaitenga, a Phiri. Za uthenga uja sindifufuta, a Gama, chifukwa inenso sindikudziwa ngati Limbani ayankha. Za mesho ndiye a Nasibeko mwandipatsa ntchito. Ndayesa kumuyankhulitsa katatu ndipo katatu konse akumveka ngati dokotala wogwira paphewa uja. Ndimusiye kaye mpaka Loweruka, mwina apeza mawu ake.